Kusungitsa chipinda ku England munthu akadali ku Malawi

Chikole chosungitsira chipinda ndi ndalama yochepa imene munthu wofuna kuchita lendi amapereka kwa mwini nyumba kapena kwa ejenti wake kuti chipindacho chisapatsidwe wina pamene mapepala akukonzedwa. Ku England, pa masamba otsatsa nyumba ndi m'makalata a maejenti, ndalamayi imalembedwa kuti holding deposit, ndipo kuyambira pa 1 Juni 2019 imayendera lamulo lotchedwa Tenant Fees Act 2019. Amene amafunika kuidziwa bwino ndi anthu amene akusaka pogona ali kutali: ophunzira opita kumayunivesite m'mwezi wa Seputembala, anamwino ndi ena opeza ntchito kumeneko. Onsewa amafuna kutsika ndege akudziwa khomo limene akagogodepo, koma sangathe kupita kukaona chipindacho ndi maso awo kapena kugwirana chanza ndi mwini wake. Chimene chimawayimira ndi kalata, nthawi zambiri ya imelo, pamodzi ndi ndalama imene yatsagana nayo.

Ambiri amalakwitsa pa mfundo imodzi. Amaganiza kuti akangotumiza chikole, chipinda chawasungikira mpaka tsiku limene adzafike, kaya ndi mwezi wamawa kaya mkuja. Lamulo silitero. Ngati mbali ziwirizi sizinalemberane china, chikole chimagwira chipinda kwa masiku 15 okha, kuwerengera tsiku limene mwini nyumba walandira ndalamayo. Ntchito yaikulu ya kalata ya munthu amene ali kunja ndi kutseka mpata umene uli pakati pa tsiku la 15 limenelo ndi tsiku limene adzafikedi.

Kukula kwa chikole

Chikole sichiyenera kupitirira lendi ya sabata imodzi. Popeza lendi imatchulidwa pamwezi, kuwerengera kwake n'kotere: lendi ya mwezi imachulukitsidwa ka 12 kuti ipereke ya chaka, kenako ya chakayo imagawidwa ndi 52. Chipinda cha £600 pamwezi m'nyumba yokhalamo anthu angapo ku Manchester chimadya £7,200 pachaka, ndipo sabata yake imodzi ndi £138.46. Wogawa £600 panayi amapeza £150, koma pamenepo wapyola malire ndi £11.54, pakuti miyezi yonse, kupatula Febuluwale, ili ndi masiku oposa masabata anayi. Ndalama iliyonse yopyola malirewo ndi yoletsedwa ndipo mwini nyumba ayenera kuibweza.

Chikolechi chisasokonezedwe ndi dipoziti yaikulu yotetezera katundu wa m'nyumba. Imeneyo imaperekedwa pangano la lendi likasainidwa, imafika mpaka lendi ya masabata asanu pa nyumba imene lendi yake ya chaka sikwana £50,000, ndipo pa chipinda cha £600 chija ndi £692.30. Mwini nyumba ayenera kuisungitsa pasanathe masiku 30 ku limodzi mwa mabungwe atatu ovomerezedwa ndi boma: Deposit Protection Service, MyDeposits kapena Tenancy Deposit Scheme. Chikole chosungitsira chipinda sichipita kumabungwe amenewa. Chimakhala m'manja mwa amene wachilandira, ndipo n'chifukwa chake lamulo linachichepetsa chotere. Munthu wobwereka chipinda m'nyumba imene mwini wake akukhalamonso adziwe kuti ngakhale dipoziti yake yaikulu ija sikakamizidwa kupita kumabungwewo.

Wozolowera za ku Lilongwe kapena ku Blantyre, kumene mwini nyumba amatha kufuna lendi ya miyezi itatu munthu asanalowe ndipo ejenti amalipiritsa ngakhale kungoonetsa nyumba, sadabwa akauzidwa kuti atumize ndalama zambiri msanga. Ku England pempho lotero liyenera kumudzidzimutsa. Lamulo la 2019 linaletsa kulipiritsa munthu chifukwa choona nyumba, kufufuza mbiri yake kapena kulemba pangano. Lamulo lina latsopano, Renters' Rights Act 2025, limene mfundo zake zazikulu zinaikidwa kuti ziyambe kugwira ntchito pa 1 Meyi 2026, likuletsanso mwini nyumba wamba kulandira lendi pangano lisanasainidwe, ndipo likasainidwa angafune ya mwezi umodzi wokha munthu asanalowe. Nyumba zogona ophunzira za mayunivesite zili ndi kayendetsedwe kake kosiyana. Scotland ndi Wales nakonso kuli malamulo awoawo, choncho zimene zikufotokozedwa pano ndi za England basi.

Masiku 15 ndi tsiku lofika

Taganizirani wophunzira amene ali ku Zomba, amene maphunziro ake ku Manchester akuyamba pa 21 Seputembala. Wagula tikiti yomufikitsa pa 12 Seputembala, wapempha kale viza kumapeto kwa Julayi ndipo akudikira yankho, limene kawirikawiri limatenga pafupifupi masabata atatu. Wapeza chipinda cha £600 chija, ndipo mwini nyumba walandira chikole cha £138.46 pa 6 Ogasiti. Tsiku loyamba ndi 6 Ogasiti lomwelo, la 15 ndi 20 Ogasiti. Pofika tsikuli, pangano la lendi liyenera kukhala litasainidwa. Likapanda kusainidwa, ndipo vuto silinachokere kwa wophunzirayo, mwini nyumba amabweza ndalama pasanathe masiku 7 ndipo amakhala womasuka kupereka chipindacho kwa wina. Wophunzirayo apezanso £138.46 yake, koma chipinda chapita, kutatsala masiku 23 kuti afike.

Si nkhanza za eni nyumba zimene zimachititsa izi. Chipinda chimenecho chimalowetsa pafupifupi £19.70 patsiku. Ngati chili chopanda munthu kuyambira pa 6 Ogasiti mpaka pa 12 Seputembala, masiku 37, mwini wake ataya pafupifupi £730, pamene m'manja mwake muli £138.46 yokha, imenenso pomaliza idzachotseredwa pa lendi. Nthawi yonse imene akusunga chikolecho saloledwa kulandira china kwa munthu wachiwiri pa chipinda chomwecho. Choncho wolemba kalata ali kunja akupempha chinthu chodula, ndipo kalata imene ikuonetsa kuti wolembayo akuzindikira zimenezi imayankhidwa bwino kuposa yongodandaula kuti ulendo ndi wautali.

Njira yosavuta ndi kutalikitsa masiku aja. Lamulo limalola mbali ziwirizi kugwirizana tsiku lina lomaliza, malinga ngati mgwirizanowo walembedwa. Mawu a pafoni sakwanira. Wophunzira uja angapemphe kuti tsiku lomaliza lisunthidwe kuchoka pa 20 Ogasiti kufika pa 14 Seputembala, kupereka masiku awiri a mpata ngati ndege yachedwa. Njirayi imayenda bwino pamene m'chipindamo mukadali munthu wina amene atuluke kumapeto kwa Ogasiti kapena kumayambiriro kwa Seputembala, chifukwa mwini nyumba sataya kanthu podikira. Ubwino wake kwa wobwera ndi wakuti amaona chipinda asanasaine. Kufooka kwake n'kwakuti mwini nyumba akasintha maganizo, mlandu wake umathera pa kubweza chikole.

Njira yolimba kuposa imeneyi ndi kusainirana pangano lenileni la lendi masiku 15 aja asanathe, koma lolembedwa kuti lidzayamba pa 12 Seputembala. Mapangano ambiri masiku ano amasainidwa pa intaneti. Akangosaina onse awiri, chikole chatha ntchito yake, ndipo chimene chikugwira chipinda tsopano ndi panganolo. Mwini nyumba sangathenso kungobwerera m'mbuyo. Koma chingwe chomwecho chamanganso wobwerayo: viza ikakanidwa kapena akapeza chipindacho chili chachinyezi ndi chankhungu, ali kale ndi ngongole ya lendi. Wanzeru sasaina viza isanatuluke, pokhapokha m'panganomo mutalembedwa kuti lidzafafanizika viza ikakanidwa. Makampani ambiri a nyumba zogona ophunzira ali nayo kale mfundo yotere, koma eni nyumba wamba amafunika kupemphedwa.

Nthawi zina mwini nyumba amakana zonsezi n'kunena kuti chipinda chili chopanda munthu ndipo lendi iyambe pa 1 Seputembala. Pamenepo wobwerayo akulipira masiku 11 amene sanagonemo, pafupifupi £217. Ndalamayi ndi lendi, si chikole, ndipo iyenera kuoneka m'pangano kuti ndi lendi. Ayerekeze mtengo umenewu ndi wa kugona kunyumba ya alendo kapena kwa wachibale sabata imodzi kapena ziwiri akusaka chipinda ndi maso ake. Pa nyengo ya Seputembala m'mizinda ya mayunivesite, pamene zipinda zimasowa, kulipira masiku 11 kawirikawiri kumakhala kotchipa.

Zimene kalata iyenera kunena

Kalatayi imalembedwa m'Chingerezi, ndipo ikhale yaifupi moti mwini nyumba aiwerenge pafoni n'kuyankha nthawi yomweyo. Moni wautali wofunsa za banja ndi za nyengo, umene kwathu ndi ulemu, kumeneko umangokwirira mfundo. Ulemu wake ndi kutchula masiku ndi ndalama mosabisa. Kalata ya wophunzira wa ku Zomba uja, itaikidwa m'Chichewa, ingamveke motere:

"Bambo, ndikuthokoza pondionetsa chipinda cham'mwamba chakumbuyo pa vidiyo dzulo. Ndikufuna kuchichita lendi pa £600 pamwezi, kuphatikizapo magetsi, gasi, madzi ndi intaneti monga munanenera. Panopa ndili ku Malawi. Ndege yanga ifika ku Manchester pa 12 Seputembala, ndipo ndikupempha kuti lendi iyambe tsiku limenelo. Ndine wokonzeka kupereka chikole cha £138.46, yomwe ndi lendi ya sabata imodzi. Popeza masiku 15 a lamulo atha ndisanafike, ndikupempha kuti tigwirizane kuti tsiku lomaliza losainira pangano likhale 14 Seputembala. Ndikuvomera kuti chikolecho chidzachotseredwe pa lendi ya mwezi woyamba. Mudziwenso kuti viza yanga ya maphunziro ndinapempha kale koma sinatuluke. Ikatuluka ndikutumizirani umboni tsiku lomwelo, ndipo ikakanidwa ndikudziwitsani pasanathe masiku awiri. Ndikupempha kuti zikatero mudzandibwezere chikolecho. Mukavomera zimenezi poyankha kalata ino, ndi kunditumizira pangano kuti ndiliwerengeretu, nditumiza ndalamayo."

Chiganizo chilichonse m'kalatayi chili ndi ntchito yake. Chipinda chatchulidwa bwinobwino, ndipo m'kalata yeniyeni keyala yonse ya nyumbayo imalembedwa, chifukwa m'nyumba ya zipinda zisanu munthu akhoza kuonetsedwa chachikulu n'kudzapatsidwa kachipinda ka pafupi ndi khitchini. Zimene zili m'kati mwa lendi zatchulidwa chifukwa gasi wotenthetsera nyumba m'nyengo yozizira amadya ndalama zambiri. Tsiku lolembedwa ndi lofika, osati lonyamuka. Kuchokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre kulibe ndege yopita ku Britain mwachindunji, munthu amadzera ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg, ndipo wonyamuka pa 11 nthawi zambiri amafika pa 12. Ndi bwinonso kufunsiratu amene adzapereke makiyi ngati tsikulo lagwera Loweruka madzulo kapena Lamlungu, pamene maofesi ambiri a maejenti amakhala otseka.

Mawu ovomera kuti chikole chichotseredwe pa lendi ndi ofunika chifukwa lamulo limati mwini nyumba angachite zimenezi pokhapokha wopereka ndalamayo atavomera. Popanda chilolezocho ayenera kubweza ndalamayo pasanathe masiku 7 kuchokera tsiku losainira. Kwa munthu amene alibe akaunti ku Britain, kubwezeredwa n'kovuta kuposa kuchotseredwa. Pa chitsanzo chathu, lendi ya mwezi woyamba ndi dipoziti yaikulu zimakwana £1,292.30, ndipo chikole chikachotsedwa patsala £1,153.84 yoti aperekebe.

Chiganizo chomaliza ndicho chimaika zinthu m'ndondomeko yake: yankho lolembedwa liyambe labwera, pangano liwerengedwe, ndalama ipite pambuyo. Wotumiza ndalama kaye n'kumakambirana mfundo pambuyo wataya mphamvu zake zonse zokambirana.

Nkhani ya viza

Mfundo ya viza ndiyo imavuta kwambiri, ndipo ena amaibisa poopa kuti mwini nyumba awakana. Kubisako ndi kumene kumadyetsa ndalama. Ku England, kuyambira mu Febuluwale 2016, mwini nyumba aliyense amakakamizidwa ndi lamulo la Immigration Act 2014 kutsimikiza kuti munthu wamkulu aliyense wodzakhala m'nyumba yake ali ndi chilolezo chokhala m'dzikomo. Kwa munthu amene chilolezo chake chili ndi malire a nthawi, kufufuzaku kumachitika m'masiku 28 lendi isanayambe. Amene viza yake ili pa intaneti amalowa pa tsamba la boma la gov.uk n'kupanga nambala yotchedwa share code, ya zilembo ndi manambala 9, imene imagwira ntchito masiku 90. Mwini nyumba amailemba pamodzi ndi tsiku lobadwa la munthuyo ndipo amaona chithunzi chake ndi tsiku limene chilolezo chidzathe. Nambala yopangidwira wolemba ntchito sigwira pa za nyumba, iliyonse imapangidwa payokha.

Lamulo la 2019 limalola mwini nyumba kusunga chikole osabweza pa zifukwa zinayi. Angatero ngati munthuyo wapereka uthenga wabodza kapena wosocheretsa umene ukanakhudza chiganizo chomupatsa nyumba, ngati wapezeka kuti alibe chilolezo chokhala m'dzikomo, ngati wasintha maganizo yekha, kapena ngati sanachite zimene zimayembekezeka kuti pangano lisainidwe pamene mwini nyumba wachita mbali yake. Pa chifukwa chachiwiricho pali kachidutswa kamene ambiri sakadziwa: mwini nyumba angadye chikole pokhapokha ngati sankadziwa za vutolo, ndipo sakanayembekezeka kulidziwa, pamene ankalandira ndalamayo. Wolemba poyera kuti viza sinatuluke wadziikira umboni. Komabe mwini nyumba akhoza kunena kuti wokanidwa viza wangobwerera m'mbuyo yekha, chomwe ndi chifukwa chachitatu. Ichi n'chifukwa chake kalata ija sinadalire lamulo lokha koma inapempha lonjezo lolembedwa. Mwini nyumba akakana kulonjeza, wobwerayo akudziwa kuti £138.46 yake ili pachiswe, ndipo angasankhe kudikira mpaka viza ituluke.

Chifukwa chachinayi chimagwira anthu ambiri osazindikira. Ejenti akatumiza fomu yofufuzira mbiri, kapena kupempha kalata ya ku yunivesite, umboni wa ndalama za kubanki kapena wa thandizo la maphunziro, masiku aja amakhala akuwerengeka. Wokhala sabata yathunthu osatsegula imelo chifukwa magetsi anazima kapena bandulo inatha akhoza kuonedwa ngati wanyalanyaza. Chinanso chimene chimagwetsa mapangano ndi womuyimira, munthu wokhala ku Britain amene amalonjeza kulipira lendi wochita lendiyo akalephera. Eni nyumba ambiri amamufuna kwa munthu amene alibe mbiri ya ngongole m'dzikomo. Funso limeneli lifunsidwe chikole chisanaperekedwe, osati pa tsiku la 12.

Mwini nyumba akaganiza zosunga chikole ayenera kulemba zifukwa zake pasanathe masiku 7. Akapanda kulemba, ufulu wosunga ndalamayo wautaya, ngakhale chifukwa chake chitakhala chomveka. Wolandidwa ndalama mosayenera angadandaule ku khonsolo ya deralo, imene ili ndi mphamvu yolipiritsa chindapusa chofika £5,000, kapena angapemphe bwalo lotchedwa First-tier Tribunal kuti lilamule kuti abwezeredwe.

Kutumiza ndalamayo

Kutulutsa mapaundi m'Malawi si nkhani ya tsiku limodzi. Ndalama zakunja zakhala zikusowa, ndipo banki imafuna mapepala osonyeza chimene ndalamayo ikukalipira isanavomere kutumiza. Apa yankho lolembedwa la mwini nyumba lija, kapena invoisi ya ejenti, limagwiranso ntchito yachiwiri. Banki imafuna dzina la mwini akaunti, nambala ya IBAN, imene ku Britain imayamba ndi GB, ndi nambala ya SWIFT ya banki yolandira. Ndalama yotumizidwa motere imatha masiku angapo m'njira, choncho masiku 15 aja sayamba tsiku limene munthu watuluka m'banki ndi lisiti m'manja koma tsiku limene mwini nyumba wailandira. Iye alembe kutsimikiza tsikulo.

Pa fomu ya kubanki pali malo osankha amene alipire zodula za m'njira. Zilembo za SHA zimatanthauza kugawana, BEN zimatanthauza kuti wolandira ndiye alipire, ndipo OUR zimatanthauza kuti wotumiza alipira zonse. Wosankha SHA kapena BEN adzapeza kuti mabanki apakati adulapo, ndipo £138.46 yafika yoperewera. Pa ndalama yaing'ono chotere, kudulako kumaoneka kwambiri ndipo ejenti akhoza kunena kuti chikole sichinakwane. Kuwonjezerapo mwachisawawa kuti ikafike yokwana sikuthandizanso, pakuti ikafika yopyola yaphwanya malire a sabata imodzi. Kusankha OUR ndiko kumachepetsa vutoli.

Ambiri amapeza njira yachidule mwa wachibale kapena mnzawo amene ali kale ku Britain. Iyeyo amalipira kuchokera ku akaunti yake pogwiritsa ntchito nambala ya banki ya manambala 6 ndi ya akaunti ya manambala 8, ndipo ndalama imafika pa mphindi zochepa. Lamulo limalola munthu wina kulipirira wochita lendi, koma kalata itchule kuti ndalama ichokera kwa yani ndiponso kuti ikabwezedwa ipite kwa yani. Njirayi ili ndi ubwino wina. Mabanki ambiri a ku Britain amayerekeza dzina limene wotumiza walemba ndi dzina lenileni la mwini akaunti, n'kuchenjeza ngati sakufanana. Ndiponso kuyambira pa 7 Okutobala 2024 pali dongosolo lokakamiza mabanki kubwezera anthu amene apusitsidwa kutumiza ndalama kwa akathyali, koma limakhudza ndalama zoyenda pakati pa maakaunti a ku Britain komweko. Yochokera kunja ilibe chitetezo chimenechi.

Kuzindikira chipinda chabodza

Munthu wosaka chipinda ali kutali ndiye nyama ya akathyali, chifukwa ali pachangu ndipo sangapite kukaona. Kaberedwe kake kamafanana nthawi zambiri. Zithunzi zokongola zimatengedwa pa malonda enieni a nyumba ina, mtengo umaikidwa wotsika kuposa wa dera limenelo, ndipo "mwini nyumba" amati nayenso ali kunja kwa dziko, makiyi adzawatumiza ndalama ikafika. Amaonjeza kuti pali anthu ena atatu amene akuchifuna, choncho ndalama ipite lero. Ena amauza munthu kuti atumize ndalama kwa m'bale wake yemwe kudzera m'makampani otumiza ndalama mwachangu, ati pongofuna kuona kuti ndalama ali nazo, kenako atumize chithunzi cha lisiti. Ndi manambala a palisitipo, wakubayo amakatapa ndalamayo. Kutumiziridwa chithunzi cha pasipoti ya "mwini nyumba" si umboni wa kanthu, pakuti nthawi zambiri imakhala pasipoti ya munthu wina amene anaberedwa kale mwa njira yomweyo. N'chifukwa chakenso munthu asamafulumire kutumiza yake kwa aliyense.

Malire a sabata imodzi aja ndiwo muyeso woyamba. Wofuna £600 kapena £1,200 kuti asunge chipinda pangano lisanasainidwe ndi wakuba kapena ndi wosatsata lamulo, ndipo onse awiri ndi oyenera kuwathawa. Muyeso wachiwiri ndi vidiyo ya pompopompo, osati yojambuliratu. Woonetsayo ayambire pamsewu, aonetse nambala ya pakhomo, atsegule chitseko ndi kiyi, akwere mpaka kuchipindako, ndipo achite kanthu kamene wapemphedwa nthawi yomweyo, monga kutsegula zenera kapena mpopi wa m'bafa. Wokana zimenezi ndi zifukwa zambirimbiri wadziulula yekha. Koposa zonse ndi kutuma munthu wodziwika amene ali mumzindawo kuti akaone. Amalawi okhala m'mizinda ngati Manchester, Leeds, Nottingham ndi London amadziwana kudzera m'mipingo ndi m'magulu awo, ndipo ola limodzi la munthu mmodzi limapulumutsa ndalama zambiri.

Palinso zofufuza zimene munthu angachite ali pa foni yake ku Malawi. Ofesi ya boma yosunga kaundula wa malo, HM Land Registry, imagulitsa pa intaneti chikalata chosonyeza mwini wa nyumba iliyonse yolembetsedwa pa £7. Dzina la pachikalatacho liyenera kufanana ndi la wolemba makalata ndiponso la pa akaunti yolandira ndalama, ndipo likasiyana pafunika kufotokoza komveka, monga kuti nyumbayo ikuyendetsedwa ndi ejenti. Ejenti aliyense ku England ayenera kukhala membala wa bungwe lomva madandaulo, The Property Ombudsman kapena Property Redress, ndipo mayina a mamembala amapezeka pa masamba a mabungwewa. Nambala ya foni ya ejenti itengedwe pa tsamba lake lenileni, osati m'kalata imene yabwera, chifukwa akuba amabwerekanso mayina a makampani enieni. Nyumba yokhalamo anthu asanu kapena kuposerapo ochokera m'mabanja osiyana, ogawana khitchini kapena bafa, imafunika laisensi ya khonsolo, ndipo makhonsolo amasunga kaundula wa nyumba zotere amene aliyense angaone. Wophunzira ali ndi thandizo linanso laulere: ofesi ya nyumba ya yunivesite yake kapena bungwe la ophunzira, amene kawirikawiri amawerengera ophunzira mapangano asanasaine.

Zonse zikayenda bwino, wobwerayo anyamule m'chikwama cha m'manja, osati m'sutikesi, makalata onse osindikizidwa papepala: pempho lake, yankho lovomera tsiku latsopano, lisiti la kubanki ndi chitsimikizo chakuti ndalama inalandiridwa. Foni ya ku Malawi ikhoza kukana kugwira pabwalo la ndege. Tsiku la ndege likasintha, kalata ina ipite nthawi yomweyo yopempha kusunthanso tsiku lomaliza, ndipo yankho lake likhalenso lolembedwa, chifukwa pa 14 Seputembala pakadutsa popanda pangano kapena mgwirizano watsopano, mwini nyumba ali ndi ufulu wopereka chipindacho kwa wina.